Madzulo a pa 29 Shabani: mmene mungadziwire ngati mawa ndi Ramadhani

Shabani akamatha, funso limakhala limodzi m'nyumba ndi m'mizikiti: kodi mwezi waoneka? Foni imalira, m'bale wanu amene ali kudziko lina akuti iwo aswali kale tarawehe, pamene kwanu mashehe angolengeza kuti mawa ndi pa 30 Shabani. Ambiri amafulumira kunena kuti wina walakwitsa masamu, kapena kuti wina akukana maphunziro. Kawirikawiri sizikhala choncho. Woyang'ana kumwamba akufunsa ngati kamwezi katsopano kaonedwa ndi munthu. Wowerengera akufunsa ngati mwezi wafika pamalo akutiakuti panthawi yakutiyakuti. Mafunsowa ndi awiri, ndipo pali masiku amene onse amayankhidwa molondola koma mayankho n'kusiyana. Ndikufuna ndikuyendetseni m'njira yonse, kuti dzuwa la pa 29 lisanalowe mukhale mukudziwa kale chimene chingatheke ndi chimene sichingatheke.

Choyamba: dziwani tsiku loyang'ana

Mwezi umatenga pafupifupi masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pamene unayambira poyerekeza ndi dzuwa. Theka la tsiku silingalembedwe pa kalendala, n'chifukwa chake mwezi wa Chisilamu umakhala ndi masiku 29 kapena 30, osati 28 kapena 31. Tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa, choncho usiku umatsogola, usana n'kubwera pambuyo. Tarawehe yoyamba imaswalidwa swaumu yoyamba isanafungidwe.

Lamulo lenileni ndi lalifupi. M'hadisi zimene analemba Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammadi, mtendere ukhale pa iye, analamula kuti anthu asale akauona mwezi ndipo amasule akauona, ndipo ukabisika akwaniritse masiku 30 a Shabani. Ndiye kuti madzulo oyang'ana ndi amodzi okha, a pa 29 Shabani. Ukaoneka, usiku womwewo ndi wa 1 Ramadhani. Ukapanda kuoneka, mawa ndi pa 30, ndipo mkuja ndi Ramadhani ngakhale kumwamba kutakhala mitambo yokhayokha. Palibenso zodikira pa 31.

Onetsetsani chinthu chimodzi chimene anthu amachilumpha: pa 29 pakuwerengedwa kuchokera tsiku liti? Ngati kwanu Shabani anayamba tsiku limodzi mochedwa kusiyana ndi dziko lina, madzulo anu oyang'ana adzachedwanso ndi tsiku limodzi. Mikangano ina ya kumayambiriro kwa Ramadhani imakhala kuti inabadwa mwezi wathunthu m'mbuyomo, pamene palibe amene ankasamala.

Chachiwiri: pezani nthawi imene mwezi wakumana ndi dzuwa

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, mwezi umadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa. Mbali yake yowala imakhala itayang'ana kudzuwa, ife n'kutilozetsa mbali ya mdima. Mphindi imene mwezi ndi dzuwa zafanana malo paulendo wawo wa kumwamba ndi imene akatswiri a zakuthambo amaitcha kubadwa kwa mwezi, ndipo Aarabu amati ikitirani. Mphindi imeneyi ndi imodzi padziko lonse, ndipo imawerengeredwa molondola kwa zaka zambiri zam'tsogolo. Masamu ake ndi omwewo amene amalosera kadamsana wa dzuwa mpaka mphindi yake, ndiye pamenepa palibe chokanganirana.

Matebulo ambiri amapereka nthawiyi mu UTC, nthawi imodzi imene dziko lonse limayezerapo nthawi zake. Isintheni ikhale nthawi ya kwanu, kenako muiyerekeze ndi nthawi imene dzuwa lilowe pa 29 Shabani. Ngati dzuwa lilowa kukumanako kusanachitike, nkhani yatha: kulibe kamwezi katsopano koti munthu aone madzulo amenewo, ndipo wonena kuti wauona waona chinthu china. Ngati kukumanako kwachitika kale, chotserani nthawi ziwirizo, mupeza msinkhu wa mwezi m'maola.

Apa ndi pamene mawu akuti kubadwa amasocheretsa anthu. Mapulogalamu a pafoni akalemba kuti mwezi watsopano ndi lero, amatanthauza mphindi ya mdima weniweni, pamene mwezi sungaoneke n'komwe. Kamwezi kamene hadisi ikunena, hilali, kamabwera pambuyo pake, mwezi ukatalikira dzuwa mokwanira kuti m'mphepete mwake muwale. Pakati pa ziwirizi pamadutsa maola ambiri, kawirikawiri tsiku lathunthu kapena kupitirira.

Chachitatu: funsani manambala atatu a pamalo panu

Msinkhu wa mwezi ndi wosavuta kuwerengera, koma paokha sunena zambiri. Munthu amene amadziwika kuti anaona mwezi waung'ono kwambiri ndi maso okha, Stephen O'Meara, anauona mu 1990 uli ndi maola 15 ndi mphindi 32, ndipo anali katswiri wozolowera. Choncho mukamva za kuona ndi maso mwezi wa maola 6 kapena 8, mwamva chinthu chimene sichinatsimikizidwepo. Komabe mwezi wa maola 20 ukhoza kuoneka malo ena, malo ena ayi. Kuti mumvetse chifukwa chake, yang'anani manambala atatu awa, amene pulogalamu iliyonse yabwino ya zakuthambo imapereka mukailowetsa malo anu ndi nthawi ya kulowa kwa dzuwa.

Yoyamba ndi mtunda wa pakati pa mwezi ndi dzuwa, woyezedwa m'madigiri. Imeneyi ndi imene imanena kunenepa kwa kamwezi. Mwezi umatalikira dzuwa ndi pafupifupi theka la digiri pa ola, mofulumirirapo ukakhala pafupi ndi dziko. M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa ku France André Danjon anapeza kuti mtundawu ukachepera pafupifupi madigiri 7, kamwezi sikaoneka. Ena pambuyo pake anautsitsa pang'ono malirewo kufika cha pa 6.4 kwa oyang'ana ndi telesikopu. Kwa maso okha, zinthu zimayamba kutheka cha pa madigiri 10.

Yachiwiri ndi kukwera kwa mwezi pamwamba pa chizimezime, pamene thambo limaoneka ngati lakhudza nthaka, pa mphindi imene dzuwa likulowa. Kamwezi kakhoza kukhala konenepa bwino koma kali pansi kwambiri, m'kati mwa kufiira kwa madzulo, fumbi ndi utsi. Yachitatu ndi mphindi zimene mwezi utsale kumwamba dzuwa litalowa. Thambo limazungulira digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, ndiye mwezi umene uli madigiri 3 okha m'mwamba umakhala utalowa kusanade n'komwe. Umene utsale mphindi 40 kapena 50 umakupatsani mpata.

Mukakhala ndi manambalawa, usikuwo umagwera m'gulu limodzi mwa atatu. Pali usiku wosatheka, pamene kukumana sikunachitike, kapena mwezi ulowa dzuwa lisanalowe, kapena mtunda ndi wochepera malire a Danjon. Pali usiku wosavuta, pamene aliyense wa maso abwino auona ngati kulibe mitambo. Ndipo pali usiku wa pakati, pamene zimadalira kuyera kwa mpweya, kukwera kwa malo ndi luso la woyang'ana. Masamu amalankhula motsimikiza pa magulu awiri oyambawo. Pa lachitatu amangonena kuti mwina, chifukwa fumbi la madzulo a tsiku limenelo palibe amene angaliwerengere chaka chisanafike.

Chachinayi: pitani mukayang'ane

Sankhani malo amene kumadzulo kuli poyera mpaka pansi, popanda mitengo, nyumba kapena phiri, ndipo ngati n'kotheka okwera. Fikani dzuwa lisanalowe kuti muone pamene likumira ndi kuika chizindikiro, kaya ndi mtengo wa patali kapena mpata wa pakati pa zitunda. Kamwezi kadzakhala pafupi ndi pamenepo, pamwamba pake, chakumanzere kapena chakumanja pang'ono monga mmene pulogalamu yakuuzirani. Musaloze magalasi oonera patali kumadzulo dzuwa lisanamire lonse. Kungolakwitsa kamodzi, diso limapsa osachiranso.

Dzanja lanu ndi choyezera chokwanira. Tambasulani mkono wonse: chibakera chimaphimba pafupifupi madigiri 10, zala zitatu zapakati madigiri 5, kachala kakang'ono digiri imodzi. Ngati mwezi unali madigiri 9 m'mwamba dzuwa polowa, patatha mphindi 20 ukhala utatsika kufika cha pa zala zitatu kapena kucheperapo. Nthawi yabwino imakhala isanakwane theka la mphindi zimene mwezi utsale. Ngati utsala mphindi 45, yang'anitsitsani cha pa mphindi 20 dzuwa litalowa. Mukafulumira thambo likadali lowala, mukachedwa kamwezi kamira m'fumbi.

Amene sanauonepo mwezi wa tsiku loyamba amayembekezera chinthu chowala ngati chimene amachiona pa zithunzi. Si mmene umakhalira. Kamakhala kaulusi kotuwa, ngati tsitsi limodzi la imvi litagwera pansalu yofiirira, kosawala kwambiri kuposa thambo lokazungulira. Mumakaona, mukaphethira kasowa, mukayang'ananso pamalo omwewo kabwerera. Maso amatuluka misozi chifukwa choyang'anitsitsa, ndipo pamenepa m'pamene mtima wofunitsitsa umayamba kujambula zinthu zimene kulibe. Musanakuwe kuti mwauona, dziyeseni nokha. Kodi mbali yokhuthala yayang'ana kumene dzuwa lamira, nsonga zake n'kuloza kutali ndi dzuwa? Kodi chikutsika pang'onopang'ono molunjika kumene dzuwa lapita, osasintha maonekedwe? Kodi mnzanu mukamulozera ndi chala akuchiona pamalo omwewo? Kamtambo kopyapyala kamasungunuka kapena kupindika m'mphindi ziwiri. Mzere wa utsi wa ndege umawala kwambiri madzulo koma umayenda ndi kufalikira. Nthanda ikakhala kumadzulo ndi kadontho, ilibe nsonga kwa woyang'ana ndi maso.

Lembani nthawi imene mwauona, nthawi imene wasowa, kutalika kwake ndi zala, mbali imene unali, ndiponso ngati munayamba mwaupeza ndi magalasi kenako ndi maso. Zimenezi ndi zimene mudzafunsidwe.

Chachisanu: umboni ufike kwa oweruza

Kuona kwa munthu sikuyambitsa mwezi pakokha. Umboni umapita kwa kadhi, kapena kukomiti imene Asilamu a dera limenelo anaipatsa udindowu, ndipo iwo ndi amene amalengeza. Chiwerengero cha mboni chimasiyana malinga ndi mazihabu. Kwa Ashafii ndi Ahambali, mboni imodzi yolungama ikwanira poyambitsa Ramadhani. Amaliki amafuna ziwiri. Ahanafi amasiyanitsa: kukakhala mitambo kapena fumbi amalandira mboni imodzi, koma kumwamba kukakhala koyera amafuna gulu lalikulu. Maganizo amenewa ine amandigwira mtima, chifukwa ndi nzeru ya munthu amene anaimapo panja madzulo. Ngati thambo lili mbee, anthu mazana akuyang'ana mbali imodzi, zingatheke bwanji kuti awiri okha aone? Pomaliza Ramadhani, pafupifupi onse amafuna mboni zosachepera ziwiri.

Nanga mboni yolungama ikalumbira kuti yauona pa usiku umene masamu akuti n'zosatheka? Funsoli si la masiku ano. Takiyudini al-Subki, katswiri wa Chishafii amene anamwalira mu 1355, ananena kuti umboni wotere ukanidwe, chifukwa masamu otsimikizika amaposa umboni umene ungalakwike. Sankanena kuti mboniyo ndi yabodza. Munthu woopa Mulungu akhoza kuona kamtambo n'kukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi mwezi. Ulama ena sanagwirizane naye, ponena kuti Sharia inamangirira lamulo pa kuona ndi pa mboni, osati pa owerengera. Ine ndili kumbali ya al-Subki, ndipo sindibisa. Kadhi amene wadziwa kale kuti mwezi ulowa dzuwa lisanalowe, n'kulandirabe umboni, akusalitsa anthu mamiliyoni pa tsiku la Shabani.

Chachisanu ndi chimodzi: kodi mwezi wa kwina ndi wathunso?

Dzuwa limalowa mochedwa mukamapita kumadzulo, ndipo ola lililonse mwezi umakhala ukutalikirabe dzuwa. Choncho madzulo amodzi omwewo, kamwezi kamene n'kosatheka kum'mawa kwa dziko kakhoza kukhala kosavuta kumadzulo kwake. Dera limene mwezi umayamba kuonekera limasintha mwezi ndi mwezi, ndipo silitsata malire a mayiko.

Masahaba anakumana nazo zimenezi. Muslim analemba nkhani ya Kuraibu, amene anauona mwezi wa Ramadhani ali ku Shamu, dera la ku Syria, usiku wa Lachisanu, pamodzi ndi anthu a kumeneko. Atabwerera ku Madina kumapeto kwa mweziwo, Ibunu Abbasi anamuuza kuti iwo anauona usiku wa Loweruka, ndipo apitiriza kusala mpaka akwanitse masiku 30 kapena auone okha. Ashafii amatsamira pa nkhaniyi ponena kuti madera otalikirana aliyense atsate thambo lake. Ambiri mwa Ahanafi, Amaliki ndi Ahambali amati mwezi ukatsimikizika pamalo amodzi, onse amene uthenga wawafikira asale. Choncho funsani kuti amene amalengeza kwanu amatsata chiyani: kuona kwa m'dziko mwanu mokha, kwa mayiko oyandikana nawo, kwa ku Makka, kapena kwa kulikonse. Mukadziwa zimenezi, mudzadziwa uthenga wa pafoni umene ukukukhudzani ndi umene sukukukhudzani.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati akuwerengera, funsani muyeso wawo

Ochirikiza masamu amanena kuti kuona kunali njira, cholinga chinali kudziwa kuti mwezi walowa. Amakumbutsa hadisi imene Mtumiki ananena kuti anthu ake panthawiyo sankalemba kapena kuwerengera, n'kunena kuti chifukwacho chikachoka, lamulo likhoza kutsata njira yotsimikizika kwambiri. Shehe Ahmad Shakir wa ku Egypt analemba motero mu 1939. Otsutsa amayankha kuti mawu a hadisi ndi omveka, ndipo kuti lamulo la kukwaniritsa masiku 30 kukakhala mitambo likusonyeza kuti chofunika si kukhalapo kwa mwezi kuseri kwa mitamboyo koma kuonedwa kwake. Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu ophunzira ndi oopa Mulungu.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mawu akuti kuwerengera sakutanthauza njira imodzi. Wowerengera aliyense amayenera kusankha mzere umene mwezi ukaudutsa anene kuti mwezi walowa, ndipo kusankhako ndi nkhani ya fikihi, si ya masamu. Kalendala ya Ummul Kura ya ku Saudi Arabia, kuyambira mu 2002, imangofuna zinthu ziwiri: kukumana kuchitike dzuwa lisanalowe ku Makka, ndipo mwezi ulowe pambuyo pa dzuwa, ngakhale ndi mphindi imodzi. Sifunsa ngati munthu angauone. Imeneyi ndi kalendala ya boma, ndipo Ramadhani weniweni amalengezedwa ndi khoti lalikulu la dzikolo potengera mboni. Mayiko a Indonesia, Malaysia, Brunei ndi Singapore, kuyambira mu 2022, amafuna kuti mwezi ukwere madigiri 3 ndipo utalikire dzuwa madigiri 6.4 m'dera lawo. Dziko la Turkey limatsata muyeso wa madigiri 5 kukwera ndi 8 kutalikirana, umene unakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Istanbul mu 1978, ndipo msonkhano wina mumzinda womwewo mu 2016 unagwirizana kuti muyesowu ukakwanira kwina kulikonse padziko, tsikulo likhale limodzi kwa onse. Owerengera atatu, manambala a mwezi ofanana ndendende, masiku akhoza kutuluka awiri.

Tiyese ndi Ramadhani wa 2024

Tengani chaka cha 1445, chimene Ramadhani anagwa mu Malichi 2024. M'mayiko ambiri, pa 29 Shabani panali Lamulungu pa 10 Malichi. Mwezi unakumana ndi dzuwa tsiku lomwelo nthawi ya 09:00 UTC.

Yambani kum'mawa. Ku Jakarta dzuwa linalowa patangodutsa maola awiri chichitikire kukumanako. Mwezi unali usanakwere ngakhale digiri imodzi, ndipo unali usanatalikire dzuwa madigiri 3. Muyeso wa 3 ndi 6.4 sunakwanire, oyang'ana sanaone kanthu, ndipo boma la Indonesia linalengeza kuti Ramadhani ayamba Lachiwiri pa 12. Koma bungwe la Muhammadiyah m'dziko lomwelo linayamba Lolemba pa 11, chifukwa muyeso wake panthawiyo unkangofuna kuti kukumana kuchitike ndipo mwezi ukhale pamwamba pa chizimezime dzuwa polowa, ngakhale pang'ono chabe. Anthu oyandikana nyumba anayamba masiku osiyana, onse akugwiritsa ntchito manambala amodzi.

Ku Makka dzuwa linalowa cha m'ma 15:30 UTC. Chotserani 09:00, mupeza msinkhu wa maola 6 ndi theka. Mtunda wa pakati pa mwezi ndi dzuwa unali usanafike madigiri 5, ndipo mwezi unatsala kumwamba mphindi zosakwana 15. Muyeso wa Ummul Kura unakwanira, choncho kalendala inali italemba kale Lolemba. Koma ikani manambalawa pa zimene taona pamwambapa: ali pansi pa malire a Danjon, ndipo msinkhuwo sukufika ngakhale theka la maola 15 ndi theka a O'Meara. Akatswiri a zakuthambo anali atanena kale kuti kuona sikutheka m'dera limenelo. Komabe khoti lalikulu linalandira umboni n'kulengeza Lolemba pa 11, ndipo mayiko ambiri amene amatsatira chilengezo chimenechi anayamba tsiku lomwelo. Oman, Jordan ndi Morocco anayang'ana madzulo omwewo, sanauone, anakwaniritsa Shabani masiku 30 n'kuyamba Lachiwiri.

Turkey inayambanso Lolemba, koma pa chifukwa china. Usiku umenewo mwezi unapitirira kutalikira dzuwa, ndipo pamene dzuwa linkalowa ku America unali utadutsa madigiri 8. Kumadzulo kwa United States unali ndi maola pafupifupi 17. Pa muyeso wa dziko lonse, zimenezi zinali zokwanira. Ku Pakistan ndi ku India nkhani inali inanso: Shabani anayamba tsiku limodzi mochedwa, ndiye madzulo awo oyang'ana anali Lolemba, pamene mwezi unali utapitirira tsiku lathunthu ndipo unkaoneka mosavuta. Anayamba Lachiwiri.

Lolemba madzulo, anthu ambiri amene anali asanayambe kusala anaona kamwezi konenepa, kokwera bwino, ndipo mawu amene amamveka nthawi zotere ndi akuti uwu ndi wa masiku awiri, tataya tsiku. Musatekeseke nazo. Mwezi umene unali ndi maola 6 dzulo uli ndi maola 30 lero, ndipo mu Malichi 2024 unali pafupi kwambiri ndi dziko, ukuthamanga. Kukula kwake sikukutsimikizira kuti dzulo ukanaoneka. Muslim analembanso kuti anthu ena atakangana motere, ena akuti ndi wa masiku awiri ena atatu, Ibunu Abbasi anawauza kuti ndi wa usiku umene anauona.

Mapeto a mwezi umenewo anasonyeza mphamvu ya masamu poyera. Kwa amene anayamba Lolemba, pa 29 Ramadhani panali pa 8 Epulo. Tsiku limenelo kunachitika kadamsana wa dzuwa amene anaoneka ku Mexico, United States ndi Canada, ndipo kadamsana ndi kukumana kwa mwezi ndi dzuwa kumene aliyense amakuona ndi maso. Kunachitika cha m'ma 18:20 UTC, dzuwa litalowa kale ku Makka. Panalibe choti n'kuona, ndipo anakwaniritsa masiku 30. Amene anayamba Lachiwiri ku Indonesia, Morocco ndi Pakistan anayang'ana pa 9 Epulo, mwezi unatsimikizika, iwo atasala masiku 29. Onsewa anaswali Idi limodzi Lachitatu pa 10 Epulo.

Chochita inuyo usiku umenewo

Werengerani manambala anu masana, kuti mudziwe ngati usikuwo ndi wosatheka, wosavuta kapena wa pakati. Ngati ndi wosatheka kwanu ndipo olengeza anu amatsata kuona kwa m'dera lanu, gonani mukudziwa kuti mawa ndi pa 30. Ngati ndi wa pakati, dikirani chilengezo, ndipo musafalitse uthenga umene simukudziwa kumene wachokera, tsiku lake, ndiponso muyeso umene ukutsatidwa. Chithunzi cha kamwezi chimene chikuzungulira pafoni sichikuuzani dziko kapena chaka chimene chinajambulidwa. Ngakhale chitakhala chenicheni, makamera apadera amajambula zimene diso silingaone: Thierry Legault anajambula mwezi mu 2013 masana, pa mphindi yeniyeni ya kukumana. Ngati kujambula koteroko kungawerengedwe ngati kuona, limenelo ndi funso lina la ulama.

Musasale pa 30 Shabani pongofuna kudziteteza kuti mwina ndi Ramadhani. Limeneli ndi tsiku lokayikitsa, ndipo Mtumiki analetsa kutsogoza Ramadhani ndi swaumu ya tsiku limodzi kapena awiri, kupatula kwa munthu amene tsikulo lagwera pa swaumu imene anazolowera kale. Chilengezo chikabwera usiku, ikani niya kusanache. Chikakupezani m'mawa mutadya kale, lekani kudya kwa tsiku lonselo ndipo mudzalibweze Ramadhani akatha.

Chovuta kwambiri ndi pamene manambala anu akusiyana ndi zimene olengeza anu alengeza. Zimapweteka, makamaka ukadziwa kuti mwezi umene akuti waoneka unali pansi pa malire. Koma pali hadisi ya Tirimizi yonena kuti kusala ndi tsiku limene nonse mukusala, ndipo kumasula ndi tsiku limene nonse mukumasula, ndipo ulama ambiri anamva mawuwa kuti munthu ayende ndi jamaa ndi atsogoleri a kumene ali. Salani nawo, ndipo manambala anuwo mupite nawo kukomiti Shabani wa chaka chamawa asanafike, nthawi imene mitima ili pansi, muwapemphe kuti azikhala ndi wodziwa zakuthambo pamene akufunsa mboni. Mukayamba Ramadhani m'dziko lina n'kukamalizira kwina, mumamasula ndi anthu a kumene mwafika, ndipo masiku anu akangokwana 28 mumabweza limodzi pambuyo pa Idi.